Mmene mungalembere bizinesi ya pabanja pa siivii ndi pa LinkedIn kuti olemba ntchito aikhulupirire

Achinyamata ambiri kuno ku Salima akaona ntchito yalengezedwa ndipo pakufunika munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri kapena zitatu, amangoisiya, ngakhale kuti iwo ndi amene akhala akuyendetsa golosale, chigayo, bizinesi ya usipa kapena ya mpunga ya makolo awo kuyambira pamene analemba mayeso a folomu 4. Ena amalimba mtima n'kulemba mzere umodzi wokha wakuti ankathandiza pabizinesi ya makolo, ndipo wowerenga amangodumpha mzerewo. Enanso amapitirira muyeso, n'kudzitcha mkulu wa kampani imene kunena zoona inali benchi imodzi pamsika wa Kamuzu Road. Onsewa amagwa pa chinthu chimodzi: wolemba ntchito akaona bizinesi ya pabanja amadzifunsa ngati inalidi ntchito, ndiponso ngati pali munthu wosakhala wachibale amene angaikire umboni. Malangizo ali m'munsiwa ndi oyankha mafunso awiri amenewa, ndipo tiziyendera chitsanzo chimodzi chongoyerekeza, cha mtsikana amene kwa zaka zinayi ankayendetsa bizinesi ya bambo ake yogula mpunga wosapuntha ku Lifuwu, kukapunthitsa pa boma, n'kumagulitsa ku Salima komweko ndi ku Lilongwe.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

Musayambe ndi kutsegula foni kapena kupita kukataipitsa, yambani ndi kusonkhanitsa mapepala. Pezani makope onse amene munkalembamo zogula, zogulitsa ndi ngongole, ngakhale atakhala ong'ambika kapena odetsedwa ndi gaga. Pezani malisiti a kuchigayo, a magalimoto amene ankanyamula katundu ndi a msonkho wa pamsika, komanso chiphaso cha khonsolo ngati munkadula. Ngati bizinesiyo inalembetsedwa kuboma, setifiketi yake ndi nambala ya msonkho ya ku MRA zikhale pafupi. Mauthenga a Airtel Money kapena TNM Mpamba amene akadali m'foni musawafufute, ndipo maoda amene makasitomala ankatumiza pa WhatsApp muwajambule kuti asasowe foni ikawonongeka. Pomaliza mufunika chilengezo cha ntchito imene mukuifuna, pepala loyera ndi cholembera, ndi madzulo amodzi okhala pansi ndi mwini bizinesiyo, kaya ndi bambo, mayi kapena amalume, kuti mukumbutsane zaka ndi ziwerengero.

1. Lekanitsani zimene munkachita inuyo ndi zimene banja linkachita

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo ndi pamene anthu ambiri amathamangapo. Pakhomo timazolowera kulankhula kuti "tinkagula", "tinkagulitsa", chifukwa kunena kuti "ndinkagula" kumamveka ngati kudzikweza pamaso pa makolo. Koma wolemba ntchito sakulemba banja lanu, akufuna kudziwa chimene manja anu ndi mutu wanu zinkagwira.

Lembani mzere pakati pa pepala. Kumanzere muike ntchito zimene zikanaima inuyo mukanadwala mlungu wathunthu, ndipo kumanja muike zimene zinali m'manja mwa ena ngakhale kuti munkaziona zikuchitika. Mtsikana wa m'chitsanzo chathu akachita zimenezi moona mtima apeza kuti kumanzere kuli kuyeza mpunga pogula kwa alimi, kulemba m'kope thumba lililonse lolowa ndi lotuluka, kuyang'anira popunthitsa, kulandira maoda, kulipira aganyu ndi kutsatira ngongole. Kumanja kutsala mpamba, umene unali wa bambo ake, kukambirana mtengo wogulira kumayambiriro kwa nyengo, kumene bambowo ankachita okha ndi alimi amene anazolowerana nawo, ndiponso chiganizo cha kuchuluka kwa matumba oti agulidwe chaka chimenecho.

Zimene zili kumanzere ndi zokhazo zimene zidzalowe pa siivii. Chenjerani ndi mtima wofuna kukokera zinthu za kumanja kuti zibwere kumanzere. Mukalemba kuti munkakambirana mitengo ndi alimi pamene simunachitepo, tsiku la intaviyu adzakufunsani kuti mtengo munkaupeza bwanji mpunga ukachuluka pamsika, ndipo mudzayamba kuyang'ana kudenga. Zakumanzerezo n'zokwanira kale, chifukwa munthu amene wakhala akusunga kaundula wa matumba mazanamazana osasokoneza wachita ntchito yofanana ndi ya kalaliki wosunga katundu pakampani.

Pali funso lina limene limavutitsa anthu, lakuti kodi ntchito yosalandira malipiro a pamwezi ingawerengedwe. Ingawerengedwe ndithu, pakuti chimene chimayesedwa ndi udindo ndi nthawi imene munautenga, osati envelopu ya pakutha pa mwezi. Chongofunika n'chakuti mukafunsidwa za malipiro munene zoona, kuti munkapatsidwa gawo la phindu nyengo ikatha, kapena kuti bizinesiyo ndi imene inkakulipirirani sukulu ndi zofunika zina. Musapeke malipiro, chifukwa ena amapempha pepala la malipiro a kumene munachokera.

2. Khazikitsani mwezi woyamba ndi womaliza

Tsiku loyambira si tsiku limene munayamba kutumidwa kukagula matumba muli sitandade 6. Ndi mwezi umene udindo unakhala wanu, ndipo njira yosavuta youpezera ndi kuyang'ana tsamba loyamba la kope pamene kalembedwe ka bambo kanatha n'kuyamba kanu. M'chitsanzo chathu tinene kuti ndi Juni 2019, ndipo anasiya mu Disembala 2023.

Ngati zaka zina munali pasukulu kapena kukoleji, musalembe ngati munkagwira tsiku lonse, chifukwa wowerenga adzaika zaka za sukulu pambali pa zaka za ntchito n'kuona kuti zagundana. Lembani kuti nthawi imeneyo munkagwira patchuthi ndi kumapeto a sabata. Chimodzimodzinso bizinesi ya nyengo: mpunga umagulidwa kwambiri miyezi yotsatira kukolola, chapakati pa chaka, ndipo usipa umasowa mwera ukakula panyanja. Ngati miyezi ina munkangogulitsa zimene munasunga, nenani choncho m'mawu ochepa, osabisa.

3. Sankhani dzina la bizinesi ndi dzina la udindo wanu

Ngati bizinesiyo inalembetsedwa, lembani dzina lake ndendende mmene lilili pa setifiketi. Ngati sinalembetsedwe koma ili ndi dzina limene linalembedwa pakhoma kapena limene makasitomala amalidziwa, gwiritsani ntchito lomwelo. Ngati ilibe dzina n'komwe, musalipeke usiku umodzi chifukwa cha siivii, ingofotokozani chimene inali, kuti bizinesi ya pabanja yogula ndi kugulitsa mpunga, ndi malo ake. Dzina lopeka limakugwetsani pamene wolemba ntchito waimbira foni mboni yanu n'kutchula dzinalo, mboniyo n'kuyankha kuti sikulidziwa. Musawonjezere mawu akuti `Limited` kapena `Ltd` kumapeto, chifukwa mawu amenewa ndi a makampani olembetsedwa mwalamulo ngati makampani, ndipo munthu wa ku ofesi yolemba antchito amadziwa kusiyana kwake.

Dzina la udindo ndi limene limasokoneza kwambiri. Popeza siivii ndi LinkedIn kuno timazilemba m'Chingerezi, anthu amathamangira `CEO`, `Managing Director` kapena `Founder`. Ine ndimaona kuti mayina amenewa amakupwetekani kawiri. Choyamba, ngati mpamba unali wa bambo ndipo bizinesi anaiyambitsa ndi iwo, dzinalo ndi labodza. Chachiwiri, ngakhale litakhala loona, munthu amene akufuna kalaliki akaona kuti wofunsira ntchito ndi mkulu wa kampani amaganiza kuti sadzamvera womuyang'anira, kapena kuti akungofuna malipiro a miyezi ingapo kuti awonjezere mpamba n'kubwerera kubizinesi yake.

Bwererani ku mbali ya kumanzere ya pepala lija ndipo muone ntchito imene inkakudyerani nthawi yambiri. Ngati inali kusunga katundu ndi kaundula, `Stock and Sales Supervisor` kapena `Stores Clerk` ndi mayina oyenera. Ngati munkayang'anira zonse za tsiku ndi tsiku pamodzi ndi antchito, `Manager` payekha ndi wokwanira. Mtsikana wathu ankayang'anira anthu ndi katundu koma sankalamulira mpamba, choncho dzina lomuyenera ndi la woyang'anira katundu ndi malonda. Mukasankha, kawauzeni bambo kapena mayi dzinalo ndi tanthauzo lake, kuti tsiku lina akadzafunsidwa asadzayankhe kuti "aa, ameneyo ankangondithandiza".

4. Tulutsani ziwerengero m'makope aja

Mawu akuti munkagulitsa mpunga wambiri sauza munthu kanthu. Chimene chimasiyanitsa ntchito yeniyeni ndi nkhambakamwa ndi ziwerengero zimene mungathe kuzionetsa papepala, ndipo ziwerengerozo zili kale m'makope anu, kungoti simunaziphatikizepo.

Sankhani chaka chimodzi chimene kope lake ndi lathunthu, osati chaka chimene bizinesi inayenda bwino kwambiri koma masamba ake anasowa. Werengani zinthu zinayi: kuchuluka kwa katundu amene anadutsa m'manja mwanu, chiwerengero cha makasitomala okhazikika, anthu amene munkawayang'anira, ndi chinthu chimodzi chimene chinasintha chifukwa cha inu.

Tiyeni tione mmene zingayendere m'chitsanzo chathu. Kope la 2022 likuonetsa kuti anagula matumba 400 a mpunga wosapuntha olemera makilogalamu 50 lililonse, omwe ndi makilogalamu 20,000, kapena matani 20. Malisiti a kuchigayo akuonetsa kuti thumba lililonse linkatulutsa pafupifupi makilogalamu 31 a mpunga woyera, kotero kuti wonse pamodzi unali makilogalamu 12,400, omwe ndi matumba 248. Mayina amene akubwerezabwereza pamasamba a ngongole ndi 14, ena a magolosale, ena a malo odyera. Antchito okhazikika anali awiri, ndipo m'nyengo yogula ankawonjezera aganyu asanu ndi mmodzi oyanika, kusoka matumba ndi kupakira.

Chachinayi chija ndi chimene chimafuna kuganiza mofatsa, ndipo ndi chimene chimakopa wowerenga kuposa zina zonse. Mtsikanayu atatsegula kope la 2020 akupeza kuti nthawi imeneyo thumba linkatulutsa makilogalamu 29 okha. Chinasintha n'chiyani? Kale ankagula ndi ndowa, ndipo ndowa sidziwa ngati mpunga uli ndi mphwepwa zambiri kapena ngati ukadali wauwisi. Iye ndi amene anaumirira kuti azigula pasikelo, kuti azipeta kaye pang'ono kuona mphwepwa, ndiponso kuti aziluma njere zingapo za m'thumba lililonse: njere youma bwino imathetheka ndi kaphokoso pansi pa dzino, pamene yauwisi imangophwanyika mofewa, ndipo yotereyi ankaiyanika kaye asanapite nayo kuchigayo kuti isasweke popuntha. Kusiyana kwa makilogalamu awiri pa thumba kumaoneka kochepa, koma pa matumba 400 ndi makilogalamu 800, omwe ndi matumba 16 a mpunga woyera. Chiganizo chimodzi chonena zimenezi chimauza wolemba ntchito kuti munthuyu amayeza, amalemba, amaona pamene katundu akutayika ndipo amakonza.

Kwa inu a usipa ku Senga Bay kapena ku Chipoka, mfundo yake ndi yomweyo: werengani mabigili kapena matumba amene ankachoka pathandala, ndipo muone ngati munachepetsa nsomba zowonongeka nthawi ya mvula. Kwa a golosale, onani katundu amene ankatha masiku ali pashelefu, kapena ngongole zimene zinkafera kwa anthu.

Chenjezo lalikulu pa sitepe imeneyi ndi lokhudza makwacha. Ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya zinthu yakhala ikukwera. Mukalemba kuti munakweza malonda kuchoka pa mamiliyoni akutiakuti mu 2020 kufika pa akutiakuti mu 2023, munthu wodziwa za ndalama adzangoona kukwera kwa mitengo, osati luso lanu, chifukwa ngakhale amene anagulitsa matumba ochepa kuposa kale anagwira makwacha ambiri. Matumba, makilogalamu ndi chiwerengero cha makasitomala sizisintha tanthauzo ndi mphamvu ya ndalama. Ndalama muitchule pokhapokha ngati mukufunsira ntchito yogwira ndalama, monga ya kashiya, ndipo pamenepo nenani kuchuluka kwa zimene munkawerengera patsiku ndi chaka chake. Palinso nkhani ya ulemu pamenepa: phindu la bizinesi ndi chinsinsi cha banja, ndipo si bwino kuliika pa intaneti pamene abale, oyandikana nawo ndi opikisana nawo angaliwerenge, musanapemphe mwini wake.

Ngati makope anasowa, musapeke. Werengerani kuchokera pa zimene mukuzidziwa bwino, monga maulendo a galimoto ya ku Lilongwe pamwezi ndi matumba amene inkanyamula, ndipo muike mawu akuti pafupifupi patsogolo pa chiwerengerocho, mutachitsitsa pang'ono osati kuchikweza.

5. Lembani mizere inayi kapena isanu yogwirizana ndi ntchito imene mukufuna

Tsopano tengani chilengezo cha ntchito chija ndi kudula mzere pansi pa zinthu zimene akufuna. Tiyerekeze kuti ndi ntchito ya kalaliki wosunga katundu, ndipo atchula kulandira katundu, kusunga kaundula, kuwerenga katundu mwezi ndi mwezi ndi kuyang'anira opakira. Mizere yanu iyambe ndi zimenezi, osati ndi zimene inuyo mumanyadira kwambiri.

Mzere woyamba ufotokoze bizinesiyo mwachidule ndipo unene poyera kuti ndi ya pabanja. Ena amabisa zimenezi poopa kunyozeka, koma kubisa n'kumene kumabweretsa chikayiko, makamaka dzina la bizinesi kapena la mwini wake likafanana ndi lanu. Mizere yotsatira iliyonse iyambe ndi chimene munkachita, itsatire ndi kuchuluka kwake. Ganizo la mtsikana wathu, asanalitembenuzire m'Chingerezi, lingakhale lotere: bizinesi ya pabanja yogula mpunga ku Lifuwu, kupunthitsa ndi kugulitsa ku Salima ndi ku Lilongwe, ndinkalandira, kuyeza ndi kulemba matumba pafupifupi 400 pa nyengo, ndipo ndinkawerenga katundu kumapeto a mwezi uliwonse poyerekeza ndi kope, ndinkayang'anira antchito awiri ndi aganyu asanu ndi mmodzi, ndinkapereka katundu kwa makasitomala 14 ndi kutsatira ngongole zawo, ndinayambitsa kugula pasikelo ndi kuyesa kuuma kwa mpunga, zimene zinakweza zotuluka pa thumba kuchoka pa makilogalamu 29 kufika pa 31.

Akadzafunsira ntchito ina, monga yoyendera alimi kapena yotolera ngongole kubungwe lobwereketsa ndalama, sadzasintha mfundo ngakhale imodzi, adzangosintha dongosolo, kuti za ngongole kapena za alimi zibwere pamwamba. Dzina la udindo ndi zaka zisamasinthe kuchoka pa kalata ina kupita pa ina.

Potembenuzira m'Chingerezi, gwiritsani ntchito mawu amene mungathe kuwafotokoza pakamwa. Ngati amene akukutaipirani akufuna kuikamo mawu akuluakulu amene inu simunawamvepo, akanizeni mwaulemu, pakuti pa intaviyu mudzakhala nokha. Ndipo ngati kaundula wanu anali wa m'kope, musalembe kuti munkagwiritsa ntchito Excel. Ndi bwino kutenga kope limodzi n'kulilowetsa nokha mu Excel panopa, kuti muphunziredi ndipo mukhale ndi chokaonetsa.

6. Pezani mboni zosakhala za m'banja mwanu

Bambo anu ndi amene akudziwa ntchito yanu kuposa wina aliyense, koma umboni wawo ndi wopepuka kwa wolemba ntchito, chifukwa palibe kholo limene linganene zoipa za mwana wake pamene akufuna ntchito. Mufunika anthu awiri akunja amene anaona ntchito yanu ndi maso awo ndipo alibe chopindula. M'chitsanzo chathu woyamba ndi mwini malo odyera amene ankalandira mpunga mwezi uliwonse kwa zaka zitatu, ndipo wachiwiri ndi woyang'anira chigayo amene ankamuona akuwerenga matumba. Wapampando wa kalabu ya alimi kapena wa komiti ya pamsika angathenso kukhala mboni yabwino. Abusa, ashehe ndi amfumu amaikira umboni za khalidwe lanu, zomwe ndi zofunikanso, koma sangayankhe funso lakuti munkasunga bwanji kaundula.

Pitani kwa munthuyo nokha, osangolemba nambala yake asakudziwa. Mungathe kunena kuti: "Bambo, ndikufunsira ntchito yosunga katundu, ndipo ndimati ndipemphe ngati mungalole kuti ndilembe dzina lanu ngati munthu amene munkalandira mpunga kwa ine kuyambira 2020 mpaka 2023. Mwina adzakuimbirani kufunsa ngati ndinkabweretsa katundu wokwanira ndi pa nthawi yake." Onani kuti mwawakumbutsa zaka ndi ntchito, koma simunawauze choyankha. Auzeninso dzina lanu lonse la pa ziphaso, chifukwa anthu ambiri pamsika amatidziwa ndi dzina la mwana, la mfunda kapena longotchedwa, ndipo zimachitika kuti mboni imakana kuti sikukudziwani chifukwa chongomva dzina lachilendo pafoni.

Ngati angalole, pemphani kakalata kachidule kokhala ndi tsiku, siginecha ndi chidindo ngati ali nacho. Mayina ndi manambala a mboni ndi a pa siivii imene mukutumiza kwa wolemba ntchito basi, musawaike pa LinkedIn pamene aliyense angawaone.

7. Lowetsani pa LinkedIn mofanana ndi pa siivii

Pa tsamba lanu, pitani pagawo la `Experience` ndi kuwonjezera udindo watsopano. Mipata yake muidzaze chonchi:

```
Title: Stock and Sales Supervisor
Employment type: Full-time
Company: Family rice trading business
Location: Salima, Malawi
Start date: June 2019
End date: December 2023
```

Pa `Employment type` pali `Self-employed`, ndipo ambiri amasankha pomwepo. Musankhe mawu amenewa ngati bizinesiyo inali yanu kapena munali ndi gawo mu mpamba. Ngati mwini wake anali kholo ndipo inu munkayang'anira, `Full-time` kapena `Part-time` ndi zimene zikunena zoona. Polemba dzina la bizinesi, LinkedIn imabweretsa mayina a makampani ofanana ndi zimene mukulembazo, ndipo chala chikaterereka mudzapezeka kuti mwadziika pansi pa kampani ya ku India yokhala ndi chizindikiro chake. Malizani kulemba dzina lanulo osakhudza mayina obwerawo. Pambali pake padzaoneka kabokosi kotuwa kopanda chizindikiro, ndipo zimenezo zilibe vuto lililonse.

Mizere ija ya sitepe 5 ipite pa `Description`. Mukamaliza, ikani siivii pambali pa foni ndi kuyerekeza mwezi ndi mwezi, dzina ndi dzina, chifukwa kusiyana kwa chaka chimodzi pakati pa ziwirizi n'kokwanira kuchititsa munthu kukayikira zina zonse.

8. Dziyeseni ndi mafunso musanatumize

Pemphani munthu amene sakudziwa bizinesiyo kuti awerenge mizere yanu ndipo pa chiwerengero chilichonse akufunseni kuti munachipeza bwanji. Chimene simungathe kuchifotokoza m'mphindi imodzi chichotseni. Konzekeraninso mafunso awiri amene sadzalephera kubwera. Loyamba ndi lakuti n'chifukwa chiyani mukusiya bizinesi. Ngati inagwa chifukwa mpamba unathera pa matenda kapena mitengo inakwera kuposa mphamvu zanu, nenani mwachidule popanda kunena zoipa za abale. Ngati ikuyendabe, tchulani amene waitenga, kuti mng'ono wanu ndi amene akusunga kope tsopano, popeza wolemba ntchito amaopa kuti nyengo yogula mpunga ikafika mudzayamba kupempha tchuthi. Lachiwiri ndi lakuti munagwirapo pansi pa munthu wina kapena ayi. Yankho lanu lili m'mbali ya kumanja ya pepala lija: munkapereka malipoti kwa mwini mpamba, ndipo panali zinthu zimene simunkachita popanda chilolezo chake.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwika chofala kwambiri ndi kuika bizinesiyo kumapeto kwa siivii pansi pa zokonda kapena zina ndi zina, pamene mbali ya ntchito yatsala ndi miyezi itatu yokha ya ganyu ya kalembera. Zaka zinayi zoyang'anira katundu zikhale pambali ya ntchito, m'dongosolo la zaka monga ntchito ina iliyonse.

China ndi kulemba mabizinesi onse amene banja linayesapo, mpunga, kaunjika, kabaza ndi mandasi, aliyense ndi udindo wake. Wowerenga amaona munthu wosakhazikika. Sankhani imodzi imene munaigwira nthawi yaitali ndipo ili ndi mapepala, zinazo muzitchule m'chiganizo chimodzi ngati zikuthandiza pa ntchito imene mukufuna.

Ena amapita kukalembetsa dzina la bizinesi lero kuti setifiketi ioneke ngati umboni wa zaka zakale. Kulembetsa n'kwabwino ngati bizinesi ikupitirira, koma setifiketi imakhala ndi tsiku lake, ndipo mukaionetsa ngati umboni wa 2019 pamene yalembedwa chaka chino, mwadzibweretsera funso limene panalibe. Choopsa kwambiri ndi kukonzetsa kalata yabodza yokhala ndi chidindo chogula, chifukwa imeneyo ikadziwika mumachotsedwa ntchito ngakhale mutagwira kale miyezi ingapo, ndipo nkhaniyo ingathe kufika kupolisi.

Palinso vuto la abale awiri amene onse ankagwira pabizinesi imodzi ndipo aliyense walemba kuti ndi iye ankayang'anira zonse m'zaka zomwezo. Salima ndi tauni yaing'ono, ndipo makalata awiriwo angathe kukumana pa tebulo limodzi. Khalani pansi mugawane monga mmene zinalili, wina za kugula ndi kaundula, wina za kugulitsa ndi mayendedwe.

Chomaliza ndi kujambula masamba a kope la ngongole n'kuwaika pa intaneti kapena kuwatumiza pamodzi ndi kalata yofunsira ntchito. M'masamba amenewo muli mayina a anthu ndi ngongole zawo, ndipo eni ake sanakupatseni chilolezo chowaulula. Ngati mukufuna kuonetsa mmene munkalembera, tengani kopelo popita ku intaviyu, sankhani tsamba la matumba olowa ndi otuluka limene lilibe mayina a anthu, ndipo mulitulutse m'chikwama pokhapokha akakufunsani za kaundula.